Pepala la kadyedwe likawombana ndi ntchito ya usiku

Pepala limene munthu amalandira kwa katswiri wa za kadyedwe nthawi zambiri limanena zofanana. Phala 7 koloko m'mawa. Nsima 12 koloko masana. Chakudya chamadzulo cha m'ma 6:30, ndipo 8 koloko ikadutsa musadyenso kanthu. Pansi pake pamakhala mzere wonena zoyenda ndawala mphindi 30 dzuwa likapendeka, ndi wina wokumbutsa kuti mankhwala muzimwa pa chakudya cham'mawa ndi chamadzulo. Malangizowa ndi abwino ndipo athandiza anthu ambiri, koma amene anawalemba ankaganizira munthu wogona usiku. Mlonda, namwino wa usiku, wophika buledi amene timagula m'mawa, dalaivala wa thiraki, onsewa pepalali silikuwadziwa.

Ambiri a iwo amalipinda n'kuliika m'buku la kuchipatala, ndipo akafunsidwa pa ulendo wotsatira amangoti, “Tikuyesetsa.” Ena amalitsata mbali ina, ina n'kuisiya, ndipo pamenepo m'pamene pali ngozi yaikulu kwa munthu amene akumwa mankhwala. Ochepa okha amakhala pansi n'kulemba kalata yopempha kuti ndondomeko isinthidwe. Ine ndili kumbali ya ochepawa. Kalata yotere si mwano kwa katswiri, ndipo ikalembedwa bwino imamupatsa zimene sakanazipeza pa mphindi zochepa zimene amakhala ndi wodwala aliyense.

Tiyerekeze bambo wina wa zaka za m'ma 40, mlonda mumzinda, amene anapezeka ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, aja amene amayamba munthu atakula kale. Kalata yake kwa mayi amene anamulembera ndondomeko ingamveke chonchi.

“Mayi,

“Ndine mmodzi wa odwala shuga amene munatipatsa pepala la kadyedwe mwezi watha. Tsiku lija pamzere panali anthu ambiri ndipo sindinakuuzeni kuti ndimagwira ntchito ya ulonda usiku. Ndimalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Kunyumba ndimanyamuka 5 koloko pa njinga, ulendo wa mphindi 40, ndipo ndimabwerako cha m'ma 7 koloko m'mawa. Ndimagona 8 koloko, ndimadzuka 12 kapena 1 koloko masana.

“Nsima ya 12 koloko imandipeza ndili mtulo. Ya 6:30 imandipeza ndili pageti. Mayi a kunyumba amaphika ya madzulo ine nditapita kale, choncho ndimanyamula yotsala masana n'kudya pakati pa usiku. Ndikapanda kunyamula ndimadya mandasi awiri. Tiyi ndimamwa makapu atatu usiku uliwonse, masupuni atatu a shuga m'kapu iliyonse, ndipo womaliza ndimamwa 5 koloko m'bandakucha.

“Ndikumwa metifomini ndi gilibenikilamaidi m'mawa ndi madzulo, komanso kapiritsi ka kuthamanga kwa magazi m'mawa. A madzulo ndimamwa 6:30 monga pepala likunenera, nthawi zambiri ndi madzi okha. Kawiri sabata yatha, cha m'ma 10 koloko usiku, ndinayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, maso kuchita chidima, mpaka nditamwa tiyi wa shuga m'pamene ndinapeza bwino. Tsiku lina ndinadzuka 11 koloko m'mawa zovala zitanyowa, mutu ukupweteka. Komanso ndikangogona ndimadzukadzuka kukakodza.

“Ntchito sindingaisiye. Kuntchito kulibe firiji, koma pali ketulo ndipo ndili ndi fulasiki. Ndikupempha mundithandize kusintha nthawi zodyera kuti zigwirizane ndi maola anga, ndiponso mundiuze chimene ndingamadye usiku. Ngati nkhani ya mankhwala ndi ya adokotala, chonde mundilembere m'buku kuti ndikawaone.

“Ine wanu, wodwala wanu.”

Kalatayi ndi yamphamvu chifukwa yatchula maola. Bamboyu sananene kuti “chakudya chamadzulo chimandivuta,” wanena kumene amakhala 6:30 ikamakwana. Kwa munthu wogwira ntchito usiku mawu akuti cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo amasokoneza, chifukwa chakudya chake choyamba atadzuka chimadyedwa masana, ndipo chimene amadya m'mawa ndi chogonera. Wanenanso zimene amadyadi, ndi mandasi omwe, osati zimene akudziwa kuti katswiri angakonde kumva. Anthu ambiri amabisa masupuni a shuga poopa kudzudzulidwa, koma katswiri wonamizidwa amakonza ndondomeko ya munthu amene kulibe. Watchula mankhwala ndi maina, watchula zizindikiro ndi nthawi imene zinabwera, ndipo wanena zimene zilipo kuntchito ndi zimene kulibe. Dandaulo lokha loti “pepala lanu silikundithandiza” likanamusiya katswiriyo alibe poyambira.

Chimodzi chokha ndingamuuze bamboyu: kalata ngati iyi si yosiya pa tebulo n'kumadikira yankho mpaka tsiku la sikelo ya shuga mwezi wamawa. Ndime yachitatu ija ndi yofunika kupita nayo kuchipatala sabata yomweyo.

Poyambira ndi pa mapiritsi

Wowerenga wamba akaona kalatayi diso lake limathamangira pa tiyi. Masupuni asanu ndi anayi a shuga usiku umodzi, kwa munthu wodwala shuga! Supuni yaing'ono yosasefukira imanyamula magalamu pafupifupi 4, ndiye kuti magalamu 36 pa usiku, ndipo ngati masupuniwo ndi osefukira monga timathirira ambirife, chiwerengerocho chimakwera kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, amene ndi magalamu pafupifupi 50 kwa munthu wamkulu. Bamboyu akuyandikira malire amenewo ndi tiyi yekha, mandasi tisanawawerenge.

Komatu katswiri wodziwa ntchito yake sangayambe ndi kuletsa tiyiyo. Mmene zinthu zilili panopa, tiyi wa shugayo ndi amene akumupulumutsa bamboyu 10 koloko usiku.

Mapiritsi awiri a shuga amene akumwa amagwira ntchito mosiyana. Metifomini amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa ndipo amathandiza thupi kumvera insulini. Payekha sagwetsa shuga mopitirira kawirikawiri, ndipo chifukwa chomwera pa chakudya n'chakuti asasokoneze m'mimba. Gilibenikilamaidi ndi wina. Iye amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mphamvu yake imakula patatha maola ochepa n'kukhalabe m'thupi kwa maola ambiri. Pepala likamati “mumwe 6:30,” tanthauzo lake ndi lakuti mumwe pamene mukudya chakudya chenicheni. Bamboyu anatsata ola n'kusiya chakudya, chifukwa ola ndi limene akanatha kulitsata. Ndiye taonani zimene zikuchitika: wadya komaliza 1 koloko masana, wapalasa njinga mphindi 40, wamwa piritsi lotulutsa insulini m'mimba muli gwa, kenako akuzungulira mpanda. Patatha maola atatu kapena anayi shuga m'magazi wagwa. Kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni, mtima kugunda msanga, maso kuchita chidima, ndi zizindikiro zake zimenezo. Pa makina oyezera, malire ake ndi 70 ngati akuwerenga mu mg/dL, kapena 3.9 ngati akuwerenga mu mmol/L. Kutsika pamenepo ndi vuto lofunika kulithetsa nthawi yomweyo.

Kudzuka atanyowa thukuta 11 koloko m'mawa ndi nkhani yomweyo, koma yoopsa kuposa, chifukwa yamupeza ali mtulo. Wafika wotopa, wameza mapiritsi ndi chakudya chochepa, wagona, ndipo shuga wagwa iye osamva zizindikiro zoyamba. Munthu wogona masana amakhalanso yekha m'nyumba nthawi zambiri, ana ali kusukulu, mayi ali kumsika.

Katswiri wa za kadyedwe alibe mphamvu zosintha mlingo wa mankhwala kapena kuwasiyitsa. Zimenezo ndi za dokotala kapena wachipatala amene anawalemba, ndipo wodwalanso asasinthe yekha. Chimene katswiri angachite ndi kulemba m'buku la kuchipatala maola a ntchito, maola ogona, ndi masiku amene shuga anagwa, kuti dokotala aone ngati angasunthe nthawi ya piritsi, kuchepetsa mlingo, kapena kusintha mankhwalawo. Pakali pano lamulo limene angamupatse ndi limodzi: gilibenikilamaidi asalowe m'kamwa popanda chakudya chenicheni pamaso. Amuuzenso zoyenda ndi shuga m'thumba. Zizindikiro zikayamba, asungunule masupuni aang'ono anayi m'madzi n'kumwa, amene ndi magalamu pafupifupi 15, adikire mphindi 15, abwereze ngati sizinasinthe, kenako adye kanthu kokhalitsa m'mimba. Mnzake wa pageti ayenera kudziwa za matendawa, ndiponso kudziwa kuti munthu akakomoka samuthira chakumwa m'kamwa, amathamanga naye kuchipatala.

Kapiritsi ka kuthamanga kwa magazi kaja nakonso kali ndi nkhani yake. Ngati ndi kaja amalemba HCTZ m'buku, ntchito yake ndi kukodzetsa kuti mchere ndi madzi zichoke m'thupi. Odwala amauzidwa kumwa m'mawa n'cholinga choti asavutike kudzuka usiku. Kwa mlonda malangizo omwewo amabweretsa vuto limene ankafuna kupewa, chifukwa m'mawa ndi pamene akukagona. Kukodzakodza kungabwerenso chifukwa cha shuga wokwera kapena tiyi wa 5 koloko uja, choncho zonse zitatu ziyenera kuunikidwa. Koma funso lakuti kapiritsika angamamwe akadzuka masana ndi loyenera kufunsa dokotala pa ulendo womwewo.

Bwanji osangotembenuza pepalalo?

Yankho lofulumira limene anthu ambiri angapereke ndi lakuti ndondomeko ingotembenuzidwa: phala 6 koloko madzulo, nsima pakati pa usiku, chakudya chomaliza m'bandakucha. Zikumveka zanzeru, koma thupi silivomera.

M'thupi muli wotchi yake imene imayenda pafupifupi maola 24. Yaikulu ili muubongo ndipo imatsata kuwala kolowa m'maso, koma chiwindi, kapamba ndi matumbo zilinso ndi zake zing'onozing'ono. Akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza mmene wotchiyi imayendera mkati mwa maselo, atafufuza pa tintchentche ta pa zipatso. Chimene chikutikhudza pano n'chakuti usiku thupi limachedwa kuchotsa shuga m'magazi. Kapamba satulutsa insulini mwachangu ngati m'mawa, ndipo thupi silimumvera bwino. Mtanda womwewo wa nsima ukadyedwa pakati pa usiku umakweza shuga kwambiri ndi kwa nthawi yaitali kuposa ukadyedwa masana. Zili ngati kufika ndi matumba a chimanga kuchigayo antchito ataweruka, patatsala munthu mmodzi: chigayidwa ndithu, koma matumba akhala ataunjikana pakhomo nthawi yaitali.

Munthu angaganize kuti amene walonda zaka khumi wotchi yake inatembenuka kale. Kwa ambiri siitembenuka yonse. Dzuwa la m'mawa limene limamuwomba m'maso popalasa njinga kubwerera kunyumba limauza ubongo kuti kwacha, ndipo tsiku lopuma amagona usiku ngati wina aliyense. Wazolowera kukhala maso, koma kapamba wake akutsatabe dzuwa.

Mu 2021 ofufuza a mumzinda wa Boston ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pa achinyamata 19 athanzi. Onse anawaika pa maola ofanana ndi a ntchito ya usiku, koma gulu lina linkadya usiku pamene lina linkadya masana okha. Amene ankadya usiku shuga wawo anakwera ndi pafupifupi 6 pa 100 aliwonse, pamene odya masana okha sanakwere. Phunziro lake ndi lomveka: ngakhale munthu ali maso usiku, chakudya chachikulu chikhale cha masana. Koma malire a kafukufukuyu ndi ofunika kuwaona. Anthuwo anali ochepa, anali athanzi, ndipo sankamwa mankhwala ogwetsa shuga. Mlonda wathu sangauzidwe kuti asale usiku wonse pamene gilibenikilamaidi ali m'magazi. Ndondomeko yake iyenera kuyenda pakati pa ngozi ziwiri, nsima yaikulu ya pakati pa usiku mbali iyi, m'mimba mopanda kanthu mbali inayo.

Ndondomeko yatsopano

Katswiri wabwino amayamba ndi kulemba maola ogona, 8 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, n'kuwasiya osawakhudza. Maola asanu ndi ochepa kale. Kumudzutsa 12 koloko kuti adye nsima pa nthawi ya papepala kungawononge zambiri kuposa zimene kungakonze, chifukwa kusagona mokwanira pakokha kumachititsa thupi kusamvera insulini, ndipo kumawonjezera njala, makamaka ya zotsekemera ndi zokazinga. Chilakolako cha mandasi 3 koloko usiku si kufooka kwa khalidwe ayi, mbali yake yaikulu ndi tulo tosakwana.

Chakudya chachikulu choyamba chikhale atangodzuka, cha m'ma 1:30 masana. Mbale yake ndi ija ya nthawi zonse: theka likhale ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru, gawo limodzi mwa anayi likhale nyemba, usipa, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo nsima, kukula kwake ngati chibakera cha mwini wake. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhala momwemo, koma nawonso ndi chimanga, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu.

Chakudya chachiwiri ndi chimene chimasintha zonse, ndipo ndi chimene chimavuta pakhomo. Chiyenera kudyedwa 4:30 madzulo, asanakwere njinga. Chimenechi ndi chimene chikulowa m'malo mwa cha 6:30 chija, ndipo dokotala akavomereza, mapiritsi a madzulo amasamukira pamenepa. Vuto lake n'lakuti banja lonse limadya 7 koloko, ndipo kusonkha moto kawiri ndi makala owonjezera. N'chifukwa chake ndimaona kuti ndi bwino mayi a kunyumba akhalepo pokambirana. Njira yosawononga makala ndi kuphika ndiwo zochuluka masana n'kupatula gawo la bambo, lotenthetsanso bwinobwino nthawi ikakwana, pamodzi ndi mtanda waung'ono wa nsima kapena mbatata imodzi yapakatikati. Popeza papita maola atatu okha chidyereni choyamba, chachiwirichi chisakhale chachikulu ngati choyambacho. Ngati ziwirizi zayandikana mpaka bambo sakumva njala, katswiri akhoza kuchepetsa choyamba n'kukulitsa chachiwiri. Chofunika n'chakuti afike pageti atadya.

Usiku akhale ndi tizakudya ting'onoting'ono pa nthawi yodziwika, osati kudikira njala imupweteke. Cha m'ma 10 koloko, ola lija ankanjenjemera, adye nthochi imodzi yaing'ono kapena gwafa ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi. Cha m'ma 1 koloko akhoza kudya kagawo ka mbatata kapena chimanga chokazinga pang'ono, ndi dzira ngati angathe kuliphika pomwepo. Kuchokera pamenepo mpaka kuweruka, madzi ndi okwanira, pokhapokha zizindikiro zitabwera kapena dokotala atanena zina. Mtedza uzisankhidwa, wachuku ndi wofota uzitayidwa, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake.

Nsima yonyamula ija ili ndi vuto linanso kupatula shuga. Chakudya chophikidwa masana n'kudyedwa pakati pa usiku chakhala maola khumi kapena kuposerapo chili chofunda, pamene malangizo a zaumoyo amati chophikaphika chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala nyemba ndi mpunga zimasasa msanga. Ngati akufuna chotentha usiku, chilowe m'fulasiki chikubwata. Apo ayi, anyamule zimene siziwonongeka: zipatso, mtedza, chimanga chokazinga.

Tsopano tingakambe za tiyi. Mapiritsi akakhala m'malo mwake ndipo chakudya cha 4:30 chayamba, shuga wa m'tiyi salinso wopulumutsa, ndipo akhoza kutsika: masupuni awiri sabata yoyamba, imodzi sabata yotsatira, mpaka lilime lizolowere. Kutsitsa pang'onopang'ono kumakhalitsa kuposa kuletsa tsiku limodzi. Thobwa, mahewu a m'botolo ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu sizilowa m'malo mwake, chifukwa shuga wake ndi wambiri. Nthawi ya tiyi nayo ndi yofunika. Kafeini amene ali m'tiyi ndi m'khofi amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi. Kapu ya 5 koloko m'bandakucha ikadali ndi mphamvu yoposa theka pamene bambo akugona 8 koloko, ndipo tulo take timakhala topepuka, todukaduka. Kapu yomaliza ikhale isanakwane 2 koloko. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mlonda amamwa tiyi pofuna kutentha osati kuthamangitsa tulo, madzi otentha a mandimu kapena a jinja, opanda shuga, amagwira ntchito yomweyo.

Akafika kunyumba 7 koloko asagone ndi njala, chifukwa njala imadzutsa munthu pakati pa tulo, ndipo kwa iye ingagwetsenso shuga. Asadyenso nsima yodzaza mbale n'kukagona, chifukwa kugona m'mimba muli tho kumabweretsa chilungulira. Kapu imodzi ya phala la mgaiwa lotendera ndi nsinjiro, lopanda shuga, ndi yokwanira kugonera. Ngati ndi yokwaniranso kunyamula piritsi la gilibenikilamaidi la m'mawa, limenelo ndi funso limene katswiri ayenera kulembera dokotala momveka, chifukwa pamenepa m'pamene shuga anamugwera ali mtulo.

Mzere woyenda ndawala mphindi 30 ukhoza kufufutidwa. Munthu wopalasa njinga mphindi 80 patsiku, masiku asanu ndi limodzi, wapitirira kale kutali mphindi 150 pa sabata zimene akuluakulu amalangizidwa. Chofunika kwa iye ndi kudziwa kuti njinga ya m'mawa imabwera pakutha pa maola angapo osadya, choncho akamva kufooka asanakwere, ayambe wadya kanthu.

Tsiku lopuma lisatembenuze zonse. Akagona usiku n'kudzuka m'mawa, asunge nthawi ya chakudya cha masana ndi cha madzulo pafupi ndi za masiku a ntchito, kuti mapiritsi asamayendeyende. Kwa namwino kapena wapolisi amene amasinthasintha, sabata ino usiku, yamawa masana, katswiri amayenera kulemba mapepala awiri, ndi kufotokoza za tsiku losinthira, limene ndi limene anthu amadumphitsa chakudya kapena kumwa mapiritsi moyandikana.

Tidziwa bwanji kuti zatheka?

Pali msampha umodzi umene umasokoneza ngakhale achipatala. Kuyeza shuga wa munthu asanadye kumafuna kuti akhale maola osachepera asanu ndi atatu osadya kanthu, ndipo kumachitika m'mawa. Mlonda amafika pa mzere akuchokera kuntchito, tiyi wa shuga wa 5 koloko ali m'mimba. Makina amawerenga chokwera, wachipatala amaganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu, n'kuwonjezera mlingo kwa munthu amene shuga akumugwera kale kawiri pa sabata. Kapenanso mlondayo, pofuna kumvera, amasala usiku wonse ali pantchito piritsi lili m'thupi. Zonse ziwiri ndi zoopsa. Njira yake ndi kupempha tsiku loyezetsa lotsatira usiku umene anagona kunyumba, ndipo zikakanika, kunena poyera nthawi imene anadya komaliza kuti ilembedwe pambali pa chiwerengerocho. Kumene kuli kotheka, kuyeza kwina kumene amalemba HbA1c kumathandiza kwambiri anthu a usiku, chifukwa kumaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo sikufuna kusala.

Yankho la katswiri liyenera kutha ndi tsiku lobwerera, pakatha masabata awiri, bambo atanyamula kope. M'kopemo muzikhala ola limene anadya, chimene anadya, ola la mapiritsi, maola amene anagona, ndi chizindikiro chilichonse. Ngati ali ndi makina oyezera kunyumba, timapepala take ndi todula, choncho asatiwononge poyeza mwachisawawa. Nthawi zopindulitsa ndi atangodzuka masana, 10 koloko usiku, ndi asanagone m'mawa, mosinthanasinthana masiku. Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga cholinga chimakhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL asanadye, ndi pansi pa 180 patatha maola awiri atadya, ngakhale dokotala angaike malire ena malinga ndi msinkhu ndi matenda ena.

Kopelo limanena chochita. Shuga akamatsikabe 10 koloko ngakhale bambo anadya 4:30, ndiye kuti chakudya chachita mbali yake ndipo nkhani yabwerera ku mlingo wa piritsi. Akamakwera m'bandakucha, katswiri ayang'ane zimene zikudyedwa 1 koloko ndi masupuni a m'tiyi. Akamadzuka masana ali wotsika, phala la 7 koloko ndi lochepa poyerekeza ndi piritsi la m'mawa, ndipo dokotala ayenera kudziwa tsiku lomwelo. Ndipo ngati m'kopemo chakudya cha 4:30 chikusowa masiku ambiri chifukwa pakhomo palibe makala ophikira kawiri, kapena chifukwa kumapeto kwa mwezi ndiwo zatha, katswiri ndi banjalo ayenera kukhalanso pansi n'kupeza chimene chingadyedwe pa ola limenelo ndi ndalama zimene zilipo, kaya ndi mbatata yophika masana, kaya ndi nyemba zopatula, bambo asanakwere njinga.